Amereka anapanga ndalama zankhaninkhani, mitengo n'kungokhala phee: zinatheka bwanji?

*Mwana wanga amene akuphunzira zachuma akuti dziko la Amereka linasindikiza ndalama zambirimbiri pambuyo pa mavuto a 2008, mwa njira yomwe amaitcha QE, koma zinthu sizinakwere mtengo. Ife kuno timauzidwa kuti kusindikiza ndalama n'kumene kumakweza mitengo, ndipo aliyense amaloza ku Zimbabwe. Zoona zake n'ziti? Kapena malamulo a zachuma amakondera mayiko olemera? Ndine mayi, mphunzitsi wa ku Dedza.*

Mayi, mwana wanu sananame, koma wakuuzani theka la nkhani. Amereka anachita QE m'nyengo ziwiri zikuluzikulu. Ulendo woyamba, kuyambira 2008 mpaka 2014, mitengo inangokhaladi phee. Ulendo wachiwiri, mu 2020 ndi 2021, mitengo inalumpha mpaka mu June 2022 inali itakwera ndi 9.1 peresenti pa chaka, zomwe anthu a kumeneko anali asanazione kwa zaka 40. Banki yake ndi yomweyo, njira yake ndi yomweyo, zotsatira n'kusiyana chonchi. Kusiyanako kwagona pa funso limodzi: ndalamazo zinakathera m'thumba la yani, ndipo mwini thumbayo anapita nazo kumsika kapena ayi?

Tiyambe ndi mawu akuti "kusindikiza", chifukwa ndi amene amatisocheretsa. Pa QE palibe makina amene amazungulira usiku wonse kutulutsa mapepala a ndalama. Chimene chimachitika n'chakuti banki yaikulu ya dziko, imene ku Amereka amaitcha Federal Reserve, imagula zikalata za ngongole zimene zili kale m'manja mwa mabanki ndi makampani. Zikalata zimenezi, zomwe azachuma amati mabondi, ndi lonjezo lakuti boma lidzabweza ndalama imene linakongola pamodzi ndi chiwongoladzanja. Banki yaikulu ikagula, imalipira pongolemba nambala pa kompyuta mu akaunti ya banki imene yagulitsa. Banki iliyonse ya malonda ili ndi akaunti yake ku banki yaikulu, monga momwe inuyo mulili ndi akaunti ku banki yanu. Ndalama za mu akaunti imeneyo ndi zimene amati marizevu.

Marizevu si ndalama zoti inu ndi ine tingazigwire. Zimangoyenda pakati pa mabanki okhaokha, polipirana wina akatumiza ndalama kuchokera ku banki iyi kupita ku banki inayo. Banki ikhoza kuzisintha kukhala ndalama zamapepala makasitomala akafuna kutapa, koma singapite nazo kusitolo kukagula shuga.

Tiyeni titsatire malonda amodzi kuyambira pachiyambi. Tinene kuti kampani yosunga ndalama za penshoni ili ndi mabondi a boma a madola 100 miliyoni, ndipo yawagulitsa ku Federal Reserve. Kampaniyo ilibe akaunti ku banki yaikulu, choncho malipiro adutsira ku banki yake. Banki yaikulu iwonjezera madola 100 miliyoni pa marizevu a banki ija, bankiyo nayo ilemba madola 100 miliyoni mu akaunti ya kampani ya penshoni. Tsopano taonani: kampaniyo sinalemere ngakhale pang'ono. Dzulo inali ndi pepala la madola 100 miliyoni, lero ili ndi ndalama zokwana madola 100 miliyoni. Zili ngati munthu wagulitsa ng'ombe yake pa mtengo woyenera. Chuma chake sichinasinthe, chasintha ndi maonekedwe ake basi. Ndipo kampani ya penshoni sithamangira kukagula buledi kapena mafuta a galimoto ndi ndalamazo. Ntchito yake ndi kupindulitsa ndalama za anthu opuma pantchito, ndiye imakagula mabondi ena, masheya a makampani kapena nyumba.

Apa m'pamene pagona cholinga chenicheni cha QE. Ogula mabondi akachuluka, mtengo wa mabondi umakwera, ndipo mtengo wa bondi ukakwera chiwongoladzanja chake chimatsika. Izi zimazunguza ambiri, koma masamu ake ndi a ku pulayimale. Bondi imene imapereka madola 5 pa chaka, mukaigula pa madola 100 ndiye kuti mukupindula 5 peresenti. Mukaigula pa madola 125, madola 5 omwe aja angokhala 4 peresenti ya ndalama imene mwalowetsa. Chiwongoladzanja cha ngongole za boma chikatsika chimakokera pansi chiwongoladzanja cha ngongole zogulira nyumba ndi cha ngongole za makampani. Banki yaikulu imafika pochita zimenezi pamene chida chake cha masiku onse chatha mphamvu. Mu December 2008 Federal Reserve inali itatsitsa kale chiwongoladzanja chake kufika pafupifupi pa ziro, kotero kunalibenso kotsikira. Dziko la Japan ndi limene linayamba kuyenda njira imeneyi mu 2001, ndipo Bank of England inayamba mu March 2009.

Kukula kwake kunali koopsa ndithu. Mavuto asanayambe, katundu yense amene Federal Reserve inali nawo m'mabuku mwake anali wa madola pafupifupi 900 biliyoni. Pamene inasiya kugula mu October 2014 anali atafika pafupifupi madola 4.5 thililiyoni, kuchulukitsa kasanu. Mu November 2010 gulu la akatswiri a zachuma ndi eni chuma linalembera kalata yapoyera Ben Bernanke, amene anali mkulu wa bankiyo, kumuchenjeza kuti adzagwetsa dola ndi kukweza mitengo. Sanali anthu wamba, ndipo mantha awo anali omveka. Koma zaka zinadutsa, ndipo nthawi yambiri pakati pa 2012 ndi 2019 mitengo inkakwera mochepera 2 peresenti imene bankiyo inkafuna. Inkadandaula kuti mitengo ikukwera pang'ono kwambiri! Kwa ife amene timapeza mtengo wa sopo utasintha pakati pa Lolemba ndi Lachisanu, dandaulo lotere limamveka ngati nthabwala.

Nanga ndalamazo zinapita kuti? Gawo lalikulu linangokhala m'maakaunti a mabanki ku Federal Reserve. Pofika 2014 marizevu opitirira mlingo umene lamulo linkafuna anali oposa madola 2.5 thililiyoni. Mabuku akale a zachuma, mwina ndi amene mwana wanu akuwerenga, amaphunzitsa kuti banki ikalandira marizevu imabwereketsa, wobwerekayo n'kukasungitsa ku banki ina, imenenso imabwereketsa, mpaka dola imodzi itabereka madola 10. M'zaka zimenezo sizinayende choncho. Banki sibwereketsa chifukwa chakuti ili ndi marizevu. Imabwereketsa ikapeza munthu wofuna ngongole amene ikukhulupirira kuti adzabweza. Ndipo pa nthawiyo anthu a ku Amereka anali atapsa ndi ngongole za nyumba. Mamiliyoni analandidwa nyumba, ulova unafika 10 peresenti mu October 2009, ndipo amene anali pantchito ankalimbana ndi kubweza ngongole zakale, osati kutenga zatsopano. Mabanki nawo anali atavulala, ndipo malamulo atsopano ankawakakamiza kusunga ndalama zambiri zodzitetezera. Kuwonjezera apo, kuyambira October 2008 Federal Reserve inayamba kulipira chiwongoladzanja pa marizevu, ndiye kuzisiya zili gone sikunali kutaya.

N'chifukwa chake ndimauza ophunzira kuti asamayang'ane kukula kwa mabuku a banki yaikulu. Ayang'ane ndalama zimene zili m'manja mwa anthu ndi makampani: zamapepala, zachitsulo, ndi za m'maakaunti zimene munthu angatape mosavuta. Muyeso umenewu pa malipoti amaulemba kuti M2. M'zaka zonse zimene marizevu ankafufuma zija, M2 ya ku Amereka inkakula ndi pafupifupi 6 peresenti pa chaka, zomwe sizinasiyane kwenikweni ndi kale. QE inkathira ndalama m'maakaunti a makampani monga ya penshoni ija, pamene kubweza ngongole kunkazichotsa mbali inayi. Madzi anadzaza damu, koma mu ngalande yopita kumunda munkayenda madzi a masiku onse.

Pali kachilinganizo kakale kamene kamathandiza kuika zinthu m'malo mwake:

```
M × V = P × Y
```

M ndi kuchuluka kwa ndalama zili mwa anthu. V ndi liwiro lake, kutanthauza kuti ndalama imodzi yasintha manja kangati pa chaka pogula zinthu. P ndi mitengo, ndipo Y ndi kuchuluka kwa katundu ndi ntchito zimene dziko latulutsa. Tayerekezani msika wa kumudzi kumene kwabwera matumba 100 a chimanga, ogula onse pamodzi ali ndi K5 miliyoni yoti awononge. Thumba likhala pa K50,000. Ogulawo akabwera ndi K10 miliyoni matumba akadali 100 omwewo, thumba lithamangira ku K100,000. Koma ngati K5 miliyoni yowonjezerayo aimanga pa mpango n'kuisiya kunyumba chifukwa choopa za mawa, mtengo susuntha. Ndiye kuti V yatsika. Ndiponso ngati kumudziko kuli alimi amene ali ndi matumba ena 100 m'nkhokwe omwe amasowa owagula, ndalama zowonjezerazo zingotulutsa matumbawo, mtengo osasintha kwenikweni. Apo ndiye kuti Y yakula. Ku Amereka pambuyo pa 2008 zonse ziwiri zinachitika: ndalama zinkayenda mwaulesi, ndipo kunali mafakitale ndi antchito ambiri ongokhala, oyembekezera ogula.

Si kuti panalibe chimene chinakwera. Masheya anakwera kwambiri m'zaka zimenezo, nyumba nazo zinadzukanso mtengo. Koma masheya salowa mu dengu la zinthu zimene amayezera kukwera kwa mitengo. Amene anali ndi masheya ndi nyumba analemera, amene analibe anangoonerera. Ine ndimaona kuti mlandu weniweni wa QE yoyamba ija uli pamenepa, osati pa mtengo wa buledi.

Tsopano tibwere ku 2020, komwe kuli phunziro lenileni. Mliri wa korona utabuka, Federal Reserve inagulanso mabondi, mwachangu kuposa kale. Mabuku ake anachoka pa madola pafupifupi 4.2 thililiyoni kufika pa 7 thililiyoni m'miyezi itatu yokha, ndipo kumayambiriro kwa 2022 anayandikira 9 thililiyoni. Koma ulendo uno boma nalo linalowa m'bwalo ndi mphamvu. Mu March 2020 linakhazikitsa thandizo la madola 2.2 thililiyoni, ndipo munthu wamkulu aliyense wa malipiro osapitirira mlingo wina analandira madola 1,200. Mu December anawonjezera madola 600, mu March 2021 enanso 1,400. Ochotsedwa ntchito ankalandira ndalama zapadera sabata iliyonse, moti ena ankapeza zambiri kuposa pamene anali pantchito. Boma linkakongola ndalamazi pogulitsa mabondi atsopano, ndipo pa nthawi yomweyo banki yaikulu inkagula mabondi ochuluka pamsika.

Kusiyana kwake mukukuona, mayi. Kampani ya penshoni ija inangosinthanitsa pepala ndi ndalama. Woyendetsa thiraki amene walandira madola 1,400 sanapereke kalikonse posinthanitsa. Walemera ndi madola 1,400, ndipo iyeyu amapita kusitolo. M2 inakula ndi pafupifupi 25 peresenti m'chaka cha 2020 chokha, ndipo pa zaka ziwiri inachoka pa madola pafupifupi 15.5 thililiyoni kufika kupitirira 21.5 thililiyoni, kukula kwa pafupifupi 40 peresenti.

Ngakhale apo mitengo sinalumphe tsiku lomwelo. Mu 2020 anthu anali otsekeredwa m'nyumba, malo odyera ndi mahotela ali otseka, ndiye ndalama zinangounjikana m'maakaunti. V inagwa, n'kubisa zimene M inkachita. Katemera atabwera mu 2021 anthu anatuluka ndi matumba odzaza n'kupeza mashelefu osadzaza. Sitima zapamadzi zinali pamzere kudikira kutsitsa katundu ku madoko a Los Angeles ndi Long Beach, mafakitale a magalimoto ankasowa tizipangizo ta kompyuta, ndipo pakati pa 2021 magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito anali atakwera mtengo ndi 40 peresenti ndi kupitirira pa chaka chimodzi. Mu February 2022 Russia inalowa m'dziko la Ukraine, mafuta ndi tirigu n'kukweranso. Kuchokera pamene ndalama zinayamba kuchuluka kufika pamene mitengo inayamba kuthamanga panadutsa pafupifupi chaka, ndipo panadutsa zaka ziwiri kuti ifike pachimake. Milton Friedman, katswiri amene ankalimbikira kuti kukwera kwa mitengo kosalekeza kumachokera ku ndalama, ankachenjezanso kuti zotsatira zake zimachedwa, ndipo kuchedwako sikufanana nthawi zonse.

Akatswiri amakanganabe kuti ndi gawo lanji la 9.1 peresenti ija limene linabwera ndi ndalama, ndi gawo lanji limene linabwera ndi kusowa kwa katundu. Maganizo anga ndi akuti kusowa kwa katundu kunayatsa moto, koma udzu wouma unali ndalama zija. Anthu akanakhala opanda ndalama, kukwera kwa mafuta kukanawachititsa kusiya kugula zinthu zina, ndipo mitengo ya zinthu zinazo ikanatsika kapena kuima. M'malo mwake chilichonse chinakwerera limodzi, lendi ndi malipiro omwe. Federal Reserve inakhala miyezi yambiri ya 2021 ikunena kuti n'zakanthawi chabe, ikupitiriza kugula mabondi a madola 120 biliyoni mwezi uliwonse. Inayamba kukweza chiwongoladzanja mu March 2022, mochedwa, ndipo inachita kuthamanga mpaka kupitirira 5 peresenti mu 2023.

Za ku Zimbabwe ndi nyama ina. Malume anga ena amene anabadwira pa famu kufupi ndi Harare, makolo awo atapita kukagwira ntchito kumeneko, anatibweretsera pepala la madola 100 thililiyoni a ku Zimbabwe, limene linatuluka mu January 2009. Ana ankaseweretsa pakhonde. Kumeneko banki yaikulu, motsogozedwa ndi Gideon Gono, sinkagula mabondi pamsika kuti itsitse chiwongoladzanja. Inkapanga ndalama zolipirira zinthu za boma mwachindunji, kugulira alimi zipangizo ndi kugula ndalama zakunja. Ndalama iliyonse yatsopano inkalowa m'manja mwa munthu amene ankaigwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Pa nthawi yomweyo zokolola ndi katundu wa m'mafakitale zinali zitagwa kuyambira pamene mafamu analandidwa mu 2000. Ndipo anthu atazindikira kuti ndalama ikusungunuka m'manja, aliyense ankaithawa: ukalandira m'mawa, pofika masana wagula chilichonse chimene wachipeza. Bwererani ku kachilinganizo kaja. M ikukwera, V ikukwera, Y ikutsika. Chotsala n'chimodzi chokha, P. Boma lenilenilo linalengeza kuti mu July 2008 mitengo inali itakwera ndi 231 miliyoni peresenti pa chaka.

Pa funso lanu lakuti malamulo amakondera olemera, yankho langa ndi lakuti malamulo ndi amodzi, koma poyambira m'posiyana, ndipo apa pali kukondera ndithu. Dola imafunidwa dziko lonse. Mafuta amagulidwa ndi dola, mabanki aakulu a mayiko ena amasunga chuma chawo m'madola, ndipo kukagwa mavuto anthu amathamangira ku dola m'malo moithawa. Amereka amakongola m'ndalama yawo yomwe. Ifeyo mafuta, feteleza ndi mankhwala timagula kunja, ndipo ogulitsa salandira kwacha. Kwacha yowonjezera ikalowa m'thumba la munthu kuno, posakhalitsa imasanduka kufuna kwa madola, kaya ndi wamalonda woitanitsa katundu ku China kapena munthu wogula galimoto ku Japan. Madola amene fodya, tiyi ndi shuga zimabweretsa sachuluka chifukwa chakuti makwacha achuluka. Kwa ife tsono njira yochokera ku ndalama kupita ku mitengo ndi yaifupi, ndipo imadutsira pa mtengo wa dola. Zimayamba kuonekera kwa osintha ndalama a m'misewu, kenako mizere ya mafuta, kenako kugwetsa kwacha, monga mu May 2022 pamene inagwetsedwa ndi 25 peresenti ndi mu November 2023 pamene inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700.

QE yeniyeni kuno ilibe ngakhale poyambira, chifukwa ndi mankhwala a dziko limene chiwongoladzanja chafika pa ziro ndipo mitengo ikukana kukwera. Chiwongoladzanja cha Reserve Bank of Malawi chinafika pa 26 peresenti mu 2024. Chimene chimachulukitsa ndalama kwathu kuno ndi boma likamawononga zoposa misonkho imene latolera, n'kumatseka dzenjelo pokongola ku mabanki a m'dziko muno ndi ku banki yaikulu. Ndalama zimenezo zimalipira malipiro, makontirakitala ndi chiwongoladzanja cha ngongole zakale, ndiye zimafanana kwambiri ndi madola 1,400 a woyendetsa thiraki uja kusiyana ndi madola 100 miliyoni a kampani ya penshoni. Mu 2023 ndi 2024 ndalama zili mwa anthu m'Malawi zinkakula ndi kupitirira 30 peresenti pa chaka, pamene chuma chenicheni chinkakula ndi pafupifupi 2 peresenti yokha, namondwe wa Freddy ndi chilala zitawononga minda. Chotsani 2 pa 30 ndi kanthu, mupeza nambala yoyandikana kwambiri ndi mmene mitengo inakwerera m'zaka ziwirizo. Chimanga chili ndi nkhani yakeyake, chifukwa mvula ikavuta mtengo wake umalumpha ngakhale banki yaikulu itachita bwino chotani. Koma mtengo wokwera chifukwa cha chilala umabwerera pansi zokolola zikachita bwino. Mukaona kuti zaka zikudutsa, zamvula ndi zachilala zomwe, sopo, lendi ndi fizi ya sukulu zikungokwerabe, muyang'ane ku ndalama.

Mwana wanuyo mumuuze kuti akamva kuti banki yaikulu ina "yasindikiza ndalama", asathamangire kuweruza. Atsegule malipoti a bankiyo, ayang'ane M2 m'malo mwa marizevu, aiyerekeze ndi kukula kwa chuma, kenako afunse kuti amene walandira ndalamazo wapereka chiyani posinthanitsa. Ayang'anenso mbali inayo ya nkhani ya Amereka, imene anthu saikamba kawirikawiri. Chiwongoladzanja chitakwera, Federal Reserve inayamba kusiya mabondi ake kuti azitha osagula ena kuyambira June 2022, ndipo kumapeto kwa 2022 ndi mu 2023 M2 inachepa poyerekeza ndi chaka chapitacho, koyamba chiyambire kulemba muyeso umenewu mu 1959. Pofika June 2023 kukwera kwa mitengo kunali kutatsika kufika pa 3 peresenti. Mitengoyo payokha sinabwerere pomwe inali. Inangosiya kuthamanga, ndipo kumayambiriro kwa 2024 dengu limene linkagulidwa madola 100 mliri usanayambe linkafuna madola pafupifupi 120.